Chithunzi chokongola sichimanga chipatala

Ndikamva nkhani ya mnyamata wojambula mapulani amene chithunzi chake choyamba cha pakompyuta chinapezetsa mudzi ndalama zomangira chipatala, ndimakayikira pang'ono. Kuno ku Chama, pempho la ndalama za CDF, zomwe mu 2022 zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi. Kumeneko chithunzi chimathandizadi: mafumu ndi amayi amaoneratu khonde lodikirira, mazenera olowetsa mphepo ndi chipinda chochirira. Koma akukhonsolo amafuna pulani ndi mitengo ya simenti, malata, ngakhalenso yonyamulira katundu kuchokera ku Lundazi. Achinyamata ojambula, musapite ndi chithunzi chokha.