Popempha ntchito pa foni, tumizani chitsanzo chimodzi ndipo tchulani mtengo

Achinyamata ambiri odzilemba okha ntchito akafuna kasitomala amalemba pa WhatsApp kuti, "Moni bwana, ndimakonza maposta, mukafuna mundiuze." Mauthenga otere kawirikawiri sayankhidwa. Mwini bizinesi, yemwe mwina ali pa kauntala, ndiye kuti ayambe yekha kufunsa kuti maposta otani, ndalama zingati, atha liti. Nthawi imeneyo alibe.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene waona lesitilanti yomwe mitengo pa menyu yake yafufutidwa n'kulembedwanso ndi bolopeni. Angalembe motere:

"Mwaswera bwanji, mayi? Ine ndimakonza maposta ndi mamenyu kuno ku Zomba. Ndaona kuti mitengo pa menyu yanu inasinthidwa pamanja. Ndingakukonzereni ina ya tsamba limodzi, yonga ndatumizayi, pa K40,000. M'menemo muli kukonzanso kawiri pomwe simunakhutire, koma kusindikiza mulipira padera. Theka mupereka poyamba pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo itha m'masiku atatu. Kodi ndingabwere Lachinayi kudzatenga mitengo yatsopano?"

Chitsanzo chikhale chimodzi, chofanana ndi zomwe mayiwo akufuna. Posta ya ukwati, ngakhale ikongole chotani, siwauza kanthu za menyu. Zithunzi khumi zimangowathera bandulo, ndipo diso limakonda kugwera pa chosaoneka bwinocho. Ngati simunakonzepo menyu, konzani yoyeserera n'kunena poyera kuti ndi yoyeserera. Muitumize ngati dokumenti ya PDF, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi ndipo timalemba ting'onoting'ono timatha kusawerengeka. Ntchito ya kasitomala wina musaionetse musanamupemphe.

Pamtengo ndi pomwe ambiri amachita manyazi, n'kulemba kuti "tikambirana". Mawu amenewa amauza kasitomala kuti mtengo udalira mmene mwamuonera, ndiye kunenerera kumayambira pansi penipeni. Komanso nambala yokha siikwana. K40,000 yopanda malire imasanduka ntchito ya mwezi wathunthu: lero sinthani mtundu, mawa onjezerani chambo, mkuja ikhale masamba awiri. N'chifukwa chake uthengawo watchula tsamba limodzi ndi kukonzanso kawiri. Mayiwo akati zakwera, chepetsani ntchito limodzi ndi mtengo, monga kukonzanso kamodzi pa K35,000. Mukangodula mtengo ntchito ili yomweyo, ndiye kuti mwavomera kuti poyamba mumawadyera.

Funso lomaliza likhale loyankhika ndi inde kapena ayi. Pakapita masiku atatu kapena anayi kuli zii, akumbutseni kamodzi mwaulemu. Akapandanso kuyankha, asiyeni, mulembere ena.