Lalanje losenda limamira: maganizo amene amawumba ntchito za m'kalasi

Mwana wa sitandade 5 akafunsidwa chifukwa chimene mwala umamirira m'madzi, sachedwa kuyankha kuti ndi wolemera. Yankholi sanalitenge m'buku, analipeza yekha pogenda miyala kumtsinje. Mphunzitsi atha kulemba zoona zake pabolodi, mwanayo n'kukopera bwinobwino, mayeso n'kukhoza, koma mumtima adakagwirabe zake zomwe zija.

Apa ndi pamene pagona maganizo amene akatswiri a maphunziro amawatcha konsitirakitivizimu. Amati nzeru sizithiridwa m'mutu mwa mwana ngati madzi mumtsuko. Mwana amamanga yekha kamvedwe kake, ndipo chatsopano chilichonse amachisanja pamwamba pa zimene akudziwa kale. Jean Piaget wa ku Switzerland, yemwe anamwalira mu 1980, anaona kuti mwana amayamba wayesa kulowetsa chachilendo m'maganizo ake akale, ndipo amasintha maganizowo pokhapokha chachilendocho chikakana kulowa. Choncho ntchito ya mphunzitsi pokonza phunziro ndi kupeza chinthu chimene chikane.

Tiyerekeze phunziro la kumira ndi kuyandama. Mphunzitsi abwera ndi beseni la madzi, msomali, chikuni chachikulu, zitsekerero ziwiri zachitsulo za mabotolo ndi lalanje. Asanaponye kanthu m'madzi, mwana aliyense alembe m'kope mwake chimene chimire, chimene chiyandame, ndi chifukwa chake. Njira iyi ya kulosera, kuona, kenaka kufotokoza, anaitchukitsa Richard White ndi Richard Gunstone mu 1992. Kulembako sikongotayitsa nthawi ayi. Mwana amene sanalembe amangoti "ndinadziwa kale" zotsatira zikaoneka, ndipo maganizo ake olakwika aja sakhudzidwa n'komwe.

Msomali wopepuka umira, chikuni cholemera chiyandama. Ana ambiri sagonja msanga. Amangosintha pang'ono n'kunena kuti chitsulo ndiye chimamira. Mphunzitsi wokonzeka amakhala atayembekezera yankho limeneli, n'chifukwa chake anabweretsa zitsekerero ziwiri. Chimodzi achiika pamadzi chagada ngati kambale, chiyandama. Chinacho achipinda ndi mwala mpaka kutsekeka, chimira. Chitsulo n'chimodzimodzi, kulemera n'kofanana.

Lalanje ndiye limathetsa makani. Losasenda limayandama, koma akalisenda, n'kulichotsera ndithu kulemera kwina, limamira. Khoko lake lili ndi timipata ta mpweya timene timakulitsa lalanjelo popanda kulilemeretsa kwenikweni. Pamenepa kalasi imachita phokoso, ndipo ndi phokoso lofunika.

Kukambirana m'magulu kumatsamira kwambiri pa maganizo a Lev Vygotsky wa ku Russia, yemwe anamwalira mu 1934. Iye ankati pali zimene mwana angathe yekha, ndiye pali zina zimene angathe akathandizidwa ndi wamkulu kapena mnzake wodziwako, ndipo kuphunzira kumachitika pa zachiwirizi. N'chifukwa chake mphunzitsi sakhala pampando. Amazungulira magulu n'kumafunsa: "Chasintha n'chiyani pa chitsekererochi, kulemera kapena malo amene chikutenga m'madzi?" Mu 1976, David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross anayerekeza thandizo lotere ndi nsanja imene amisiri amakwerapo pomanga, yomwe amaiphwasula khoma likalimba.

Pali polakwika pamene aphunzitsi ambiri amagwera, ndipo m'pomvetsa chisoni chifukwa amakhala atalimbikira. Amaganiza kuti ana akangogwira zinthu ndi manja, basi aphunzira. Zizindikiro zake sizivuta kuona: malaya anyowa, ana asangalala, koma m'makope mulibe kanthu, ndipo pagulu la ana khumi wogwira beseni ndi mmodzi yekha. Mu 2006, Paul Kirschner, John Sweller ndi Richard Clark anadzudzula kuphunzitsa kongowasiya ana kuti atulukire okha, ponena kuti amene akungoyamba kumene phunziro amafunika kuwatsogolera momveka. Ananena zoona. Ana sangatulukire okha lamulo lonse m'mphindi zochepa. Akatsutsana mokwanira, mphunzitsi aime n'kunena poyera kuti chinthu chimamira ngati chili cholemera kuposa madzi amene angadzaze malo ofanana ndi kukula kwake.

Kuti aone ngati zalowa, asafunsenso za lalanje. Afunse chifukwa chimene sitima ya Ilala, yachitsulo, imayandamira pa nyanja ya Malawi itasenza anthu ndi katundu. Mwana amene wayankha potchula chitsekerero chogada chija, ndi mpweya umene wadzaza m'mimba mwa sitimayo, wamva. Amene akuti ndi mphamvu ya injini, mphunzitsi abwerere naye ku beseni mawa lake.