Mwana wosakhazikika: chifukwa chake dokotala amafunsa mayi ndi mphunzitsi yemwe

Kalasi iliyonse simusowa mwana amene mphunzitsi amamutchula dzina kangapo belu lisanalire. Sakhala pampando, amayankha funso lisanathe, pensulo imatayika Lolemba lililonse, ndipo ntchito ya m'kope imathera pakati. Kunyumba amangoti ndi wosamva, kapena wopulupudza. Ena mwa ana otere ali ndi vuto limene madokotala amalitchula ndi zilembo za ADHD: kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika, ndi kuchita zinthu asanaganize. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amaonetsa kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse ali nalo.

Chovuta n'chakuti vutoli silioneka m'magazi, ndipo palibe makina ojambula amene angaligamule. Komanso mwana wotere akalowa m'chipinda cha dokotala, malo achilendo, wamkulu mmodzi akumuyang'ana yekha, amatha kukhala phee ngati kamwana ka m'kwaya. Ndiye dokotala amadalira maso a anthu amene amakhala ndi mwanayo tsiku ndi tsiku, makolo ndi aphunzitsi.

Mlingo umene madokotala ambiri amatsata uli m'buku la DSM-5, limene bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linatulutsa mu 2013. Bukuli lili ndi zizindikiro 9 za kusatchera khutu ndi zina 9 za kusakhazikika ndi phuma. Mwana wa kusukulu ya pulayimale ayenera kukhala ndi zosachepera 6 m'gulu limodzi kapena m'magulu onse awiri, kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Zina mwa izo zikhale zoti zinayamba asanakwanitse zaka 12, ndipo zikhale zikumusokonezadi pa maphunziro kapena pa kukhala ndi anzake. Pali lamulo linanso limene nkhani yonseyi yatsamirapo: zizindikiro zizioneka m'malo awiri kapena kuposa. Mawu a mayi okha sakwana, a mphunzitsi okha sakwananso.

Ku America, pepala lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi la Vanderbilt, la ana a zaka 6 mpaka 12. La makolo lili ndi mafunso 55, la mphunzitsi 43, koma mafunso 18 oyambirira amafunsa zinthu zofanana. Pa funso lililonse munthu amasankha 0 ngati khalidwelo silichitika, 1 ngati ndi mwa apo ndi apo, 2 ngati ndi kawirikawiri, ndi 3 ngati ndi kawirikawiri kwambiri. Dokotala amawerenga 2 ndi 3 basi. Mwana aliyense amaiwala kope mwa apo ndi apo, choncho 1 sawerengedwa ngati chizindikiro. Kumapeto kwa pepala kuli mafunso a mmene mwana akuchitira pa kuwerenga, masamu, kulemba ndi kugwirizana ndi anzake, ndipo pamenepa 4 kapena 5 amasonyeza kuti pali vuto.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 8. Mapepala abwera. Mayi ake alemba 2 kapena 3 pa mafunso 6 a kusatchera khutu ndi 8 a kusakhazikika. Mphunzitsi walemba 7 pa kusatchera khutu koma 4 yokha pa kusakhazikika, ndipo waika 5 pa kumaliza ntchito za m'kalasi. Pa kusatchera khutu awiriwa agwirizana, ndipo maphunziro akuonongekadi. Pa kusakhazikika asiyana.

Kusiyana kumeneku kumachitika kawirikawiri, ndipo dokotala wodziwa ntchito sathamangira kunena kuti wina wanama. Mayi amaona mwana madzulo, atatopa, akulimbana ndi abale ake. Mphunzitsi amamuona m'mawa, pamalo a malamulo, ndipo ali ndi mwayi umene mayi alibe: amamuyerekeza ndi ana ena ambirimbiri a msinkhu womwewo. Dokotala amafunsa zitsanzo zenizeni. Pachakudya amakhala mpaka kumaliza? Kutchalitchi kapena kumadrasa zimakhala bwanji? Mphunzitsi akafotokoza kuti mnyamatayo anamuika kutsogolo penipeni ndipo amamutuma kukapukuta bolodi akangoyamba kutakataka, 4 uja wamveka. Kusakhazikika kulipo, koma mphunzitsi wakupezera njira. Mayi akaonjezera kuti zimenezi anaziona mwana ali kusukulu ya mkaka, ndipo malipoti akale a kusukulu akunena zomwezo, umboni wayamba kulemera.

Nanga mayi akanalemba 2 yokha pa magulu onse, mphunzitsi 7? Apo nkhani ikanatembenuka, chifukwa vuto looneka kusukulu kokha limaloza kusukuluko. Mwina mwana samva bwino chifukwa cha khutu lotuluka mafinya, kapena saona pabolodi. Mwina kuwerenga kumamukanika, ndiye amasewera pofuna kubisa manyazi, kapena pali mnzake amene amamuzunza. Zikakhala kunyumba kokha, dokotala amafunsa mwaulemu za mikangano ya m'banja, maliro aposachedwa, ndiponso ngati mayi mwiniwakeyo ali wolema ndi nkhawa, pakuti munthu wotopa mumtima amaona zonse za mwana ngati zopitirira muyezo.

Ngakhale mapepala onse awiri atagwirizana, kuyeza thupi sikudumphidwa. Dokotala amayeza maso ndi makutu, amafunsa ngati mwana amagona mokwanira kapena amaliza mkonono usiku wonse, ndiponso ngati amapita kusukulu atadya. Pali mtundu wa khunyu umene mwana sagwa pansi: amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'oo, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mphunzitsi amalemba kuti satchera khutu, pomwe mankhwala ake ndi ena. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wongolota masana amadzidzimuka mukamugwira paphewa, koma wa khunyuyu sayankha mpaka zitadutsa. Kuno kwathu funso la malungo aakulu silingasiyidwe, chifukwa kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kuti ana ena opulumuka malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu komanso mavuto a khalidwe.

Tsiku lobadwa nalonso limanyenga. Kafukufuku wa ku America wa mu 2018 anapeza kuti m'madera amene malire olowera sukulu ndi 1 Seputembala, ana obadwa mu Ogasiti, amene amakhala aang'ono kwambiri m'kalasi, ankapezeka ndi ADHD kwambiri kuposa obadwa mu Seputembala. Mwana wa zaka 6 akayerekezedwa ndi mnzake woyandikira 7 amaoneka wopulupudza, pomwe wangochepa msinkhu. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wotere apatsidwe dzina la matenda chifukwa cha kalendala.

N'chifukwa chake malangizo a bungwe la NICE ku Britain a mu 2018 amanenetsa kuti pepala lokha lisagamule nkhani. Kumeneko, ngati vuto silinafike poipa, dokotala wa banja angayambe wayang'anira mwana kwa masabata osapitirira 10, makolo akulandira uphungu, kenako n'kumutumiza kwa katswiri, amene ndiye yekha wololedwa kunena kuti ndi ADHD.

Pepala la mphunzitsi la Vanderbilt limafunsanso kuti mphunzitsiyo wamudziwa mwanayo kwa masabata kapena miyezi ingati. Funsoli lili ndi ntchito yaikulu m'sukulu zathu zambiri, momwe mphunzitsi mmodzi amayang'ana ana oposa 100. Mnyamata wosokoneza amadziwika sabata yoyamba, koma mtsikana wofatsa wa kumbuyo, amene maganizo ake amangoyendayenda, akhoza kutha teremu yonse osatchulidwa, ndipo pepala lake limabwera lodzaza ndi 0 ndi 1. Zikatero ndi bwino kupempha mphunzitsi kuti amuyang'anitsitse kwa masabata angapo asanalembe, kufunsanso mphunzitsi wa chaka chatha, ndi kubweretsa makope a mwanayo kuchipatala kuti dokotala aone yekha pamene ntchito imathera.