Mutu woyamba wa kafukufuku: kusanja kuyambire pa cholinga

Ophunzira ambiri a digiri ya zaumoyo amalemba mutu woyamba wa kafukufuku wawo asanapite kukatolera umboni, ndipo pomaliza ntchito amapeza kuti mutuwo wasokonekera. Mfundo zimakhalamo ndithu, koma cholinga chili patsamba lachiwiri, mbiri ya matenda ikubwera pambuyo pake, ndipo chifukwa chenicheni chochitira kafukufukuyo chakwiririka pakati pa ndime yaitali. Chofunika apa n'kusanja zomwe zilipo kale m'magawo anayi: maziko, chimene chikusoweka, cholinga, ndi ndondomeko ya mitu yotsatira. Katswiri wa zilankhulo John Swales anafotokoza mu 1990 kuti akatswiri a sayansi amatsegula zolemba zawo mwanjira yotereyi: amaonetsa zomwe zikudziwika, n'kuloza pamene pali mpata, kenako n'kunena momwe autsekere. Owerenga amayenda kuchokera pa maziko kukafika pa cholinga, koma wosanja ayenera kuyambira pa cholinga n'kumabwerera m'mbuyo.

Tiyerekeze wophunzira wa ku KUHeS amene wafufuza chifukwa chomwe ana ena a ku Chikwawa salandirira katemera wachinayi wa malungo. Katemerayu, wa RTS,S, anayamba kuperekedwa ku Malawi mu Epulo 2019 m'maboma 11, ndipo mwana amabayidwa ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wophunzirayu alembe cholinga chake m'chiganizo chimodzi papepala lapadera, kenako awerenge ndime iliyonse ya mutu woyamba n'kuilemba m'mbali dzina la ntchito yomwe ikugwira. Ndime yogwira ntchito ziwiri aigawe pakati. Ndime yomwe ikusowa dzina, monga masamba awiri ofotokoza momwe kachilombo ka malungo kamaswanirana m'chiwindi, aichotse kapena aipititse ku mutu wounika zolemba za ena. Zimawawa kutaya zomwe munthu anazichezera usiku, koma moyo wa kachilombo sufotokoza chifukwa chomwe mayi sanabwerere kusikelo.

Zotsalazo azisanje kuyambira pa zokhudza ambiri kufika pa zokhudza funso lake: vuto la malungo pakati pa ana osakwana zaka zisanu, kubwera kwa katemera, kenako ndondomeko ya kabayidwe. Chiganizo chotsiriza cha maziko chionetse kuti pakati pa katemera wachitatu ndi wachinayi pamadutsa miyezi 15, nthawi yomwe mwana wayamba kuyenda ndipo makolo ambiri achepetsa maulendo a kusikelo. Apa ndiye pabwere "koma" wamkulu wa mutu wonse, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Amangolemba kuti palibe kafukufuku wotere amene anachitikapo m'bomali. Umenewo si mpata wokwanira, chifukwa zinthu zosafufuzidwa n'zosawerengeka ndipo zambiri mwa izo n'zosafunika. Mpata weniweni umatchula zomwe ena anapeza, pomwe analekezera, ndi amene akuvutika chifukwa chosadziwa zotsalazo. Wophunzira wathu atha kunena kuti marejisitala a pachipatala amawerenga ana omwe sanabwere koma sanena chifukwa chake, choncho alangizi a zaumoyo sadziwa ngati vuto ndi mtunda, kuiwala tsiku, kapena kuganiza kuti katemera anatha.

Kuti aone ngati zagwirana, aphimbe cholinga ndi dzanja n'kupempha mnzake awerenge mpata wokha. Mnzakeyo akalephera kulosera cholinga, ndiye kuti chimodzi mwa ziwirizi chapotoka. Ngati mpata ukufunsa "chifukwa chiyani" pomwe cholinga chikuti "kuwerenga ndi angati", woyesa mayeso adzaona msanga, ndipo adzakayikiranso njira zomwe zinagwiritsidwa ntchito. Pokonza, wophunzira asinthe mpata osati cholinga, popeza cholinga chinavomerezedwa kale ndi komiti yoona za malamulo a kafukufuku, monga COMREC, ndipo umboni unatoledwa potsata cholingacho.

Ena amati kusanja kotereku kumachititsa kuti zolemba zonse zifanane. N'zoona kuti mafupa ake amafanana, koma nzeru za wolemba zimaonekera pa kusankha maziko oyenera ndi kuloza mpata molunjika, osati pa kubisa cholinga. Enanso amati mphunzitsi wawo amafuna cholinga pandime yoyamba. Palibe cholakwika kuchitchula mwachidule pamenepo, bola chibwerenso mokwanira pambuyo pa mpata, ndi mawu omwewo. Dandaulo lomwe lili ndi mphamvu ndi lakuti ndondomeko ya mitu imangobwereza tsamba la zam'katimu. Imabwerezadi ikangoti mutu wachitatu ndi wa njira, wachinayi ndi wa zotsatira. Imakhala yaphindu ikanena kuti mutu wachitatu ukufotokoza momwe amayi anasankhidwira ndi kufunsidwa, ndipo wachinayi ukuyankha cholinga choyamba ndi chachiwiri motsatana. Ndime imodzi ndi yokwanira, ndipo ilembedwe pomaliza, mitu yonse itakhazikika.