Chiwerengero Chikugwirizana, Koma Mayina Akusiyana

Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006, amafikanso ku Machinga ndi Balaka. Kumene ndalama zimadzera kubanki kapena pafoni, banja lililonse limalembedwa pawiri: m'kaundula wa pulogalamu ndi m'kaundula wa olipira. Makaundulawa amapatukana pang'onopang'ono popanda kompyuta kuchenjeza aliyense.

Tiyerekeze kuti onse awiri akuonetsa mabanja 500. Ongoyang'ana chiwerengero anena kuti zili bwino. Komatu agogo ena ku Ulongwe adamwalira. Kaundula woyamba adalemba mdzukulu wolowa m'malo, wachiwiri akadali ndi agogowo.

N'chifukwa chake ndimalimbikira lipoti la sabata ndi sabata. Kalaliki amakopera makaundula onsewo tsiku limodzi, ola limodzi, kuopa kuti kusiyana kwa nthawi kungaoneke ngati vuto. Kenaka amawafananitsa ndi nambala ya chiphaso cha unzika, osati dzina, pakuti Saidi wa ku Ntaja kwina adamulemba Sayidi. Lipotilo limatchula opezeka m'kaundula woyamba mokha, opezeka m'wachiwiri mokha, ndi opezeka monse koma ndalama kapena nambala ya foni zikusiyana. Apa pamafunika diso: Excel imameza ziro woyambirira, 0999 n'kusanduka 999, mizere yambirimbiri n'kuoneka yolakwika pachabe.

Mzere uliwonse uzionetsa masabata amene vutolo lakhala ndi woyenera kulikonza. La sabata imodzi mwina n'kuchedwa chabe. Likafika masabata anayi, wina apite kumudzi. Lipotilo siliuza kaundula wolondola, ndipo onse awiri akalakwitsa mofanana silionetsa kanthu.