Chiwonkhetso Chimagwira Nambala Yomwe Makina Awerenga Molakwika

Maofesi ambiri masiku ano sakoperanso manambala a m'mabuku akale ndi manja. Amajambula tsamba ndi sikana kapena foni, kenako pulogalamu yotchedwa OCR imawerenga chithunzicho n'kusandutsa zilembo ndi manambala kukhala zolembedwa pakompyuta. Ntchito imathamanga, koma inki ikafufutika kapena pepala likapindika, makina amatha kuona 8 ngati 3, kapena 7 ngati 1. Mawu akalakwika, diso limagwira msanga. Nambala yolakwika ilibe chizindikiro, chifukwa 133 amaoneka wabwinobwino ngati 183.

Mwayi wake ndi wakuti matebulo ambiri amasindikizidwa ndi mboni zake. Kumapeto kwa mzere uliwonse wopingasa kumakhala chiwonkhetso, ndipo pansi pa mzere uliwonse wotsika pamakhala china. Mwachitsanzo, kalembera wa 2018 ku Malawi anapeza amuna 8,521,460 ndi akazi 9,042,289, onse pamodzi 17,563,749. Makina atasokoneza nambala imodzi mwa zitatuzi, kuwonkhetsa sikungagwirizane.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi lili ndi tsamba losindikizidwa la matumba a chimanga omwe linagulitsa m'misika itatu. Makina awerenga motere:

| Msika | Meyi | Juni | Julaye | Onse |
|---|---|---|---|---|
| Woyamba | 138 | 205 | 96 | 439 |
| Wachiwiri | 74 | 133 | 150 | 407 |
| Wachitatu | 61 | 120 | 88 | 269 |
| Onse | 273 | 508 | 334 | 1,115 |

Choyamba ndi kuyesa ziwonkhetso zokhazokha, poti nazonso zadutsa m'makina. Kuphatikiza 439, 407 ndi 269 kukupereka 1,115. Kuphatikiza 273, 508 ndi 334 kukuperekanso 1,115. Apa tadziwa kuti mboni zathu n'zodalirika.

Tsopano tiwonkhetse mzere uliwonse patokha. Msika woyamba ndi wachitatu zikugwirizana, koma wachiwiri ukupereka 357 m'malo mwa 407. Matumba 50 asowa. Tikatsika ndi miyezi, Meyi ndi Julaye zili bwino, koma Juni akupereka 458 m'malo mwa 508. Apanso asowa 50. Pomwe mizere iwiriyi yakumana ndi pomwe pali vuto: msika wachiwiri, mwezi wa Juni, pa 133 paja. M'malo moyang'ananso manambala onse, tatsala ndi imodzi.

Kukula kwa kusiyanako kumaululanso chomwe chachitika. Kusiyana kwa 50 kukusonyeza kuti nambala yapakati, ya makumi, yatsika ndi 5, monga zimakhalira 8 akawerengedwa ngati 3. Kusiyana kwa 6, 60 kapena 600 kawirikawiri kumaloza kwa 1 ndi 7. Ngakhale zili choncho, musangolemba 183 chifukwa masamu akutero. Tsegulani pepala lenilenilo, muone ndi maso, kenako mukonze.

Mu Excel ntchitoyi ndi yosavuta. Tebulo lathu litayambira pa A1, pambali pa msika wachiwiri tingalembe:

```
=SUM(B3:D3)-E3
```

Yankho likakhala 0, mzere uli bwino. Fomula yomweyi imakokedwa kumizere yonse. Cholakwa chachikulu chomwe anthu amachita n'kufufuta chiwonkhetso chosindikizidwa n'kuikapo chomwe kompyuta yawerengera yokha. Mukatero tebulo limagwirizana nthawi zonse, ngakhale manambala ali olakwika, chifukwa mboni mwaichotsa.

Nthawi zina mzere wopingasa umodzi umakana pomwe yotsika yonse ikugwirizana. Zikatero manambala amkati ali bwino, ndipo chomwe chawerengedwa molakwika ndi chiwonkhetso cha mzerewo. Zimachitikanso kuti zolakwa ziwiri mumzere umodzi zimabisana, ina itakwera ndi 5 ina itatsika ndi 5. Mzere wopingasa umaoneka wolondola, koma mizere iwiri yotsika imakana, n'chifukwa chake kuyesa mbali imodzi yokha sikukwana.

Sikuti kusagwirizana kulikonse n'kwa makina. Maperesenti ofupikitsidwa amatha kukwana 99.9 kapena 100.1 popanda cholakwa. Chiwonkhetso chapakati, monga cha chigawo mutebulo la maboma, chikaphatikizidwa ngati mzere wamba manambala amawerengedwa kawiri. Ndipo osindikiza nawonso amalakwitsa: ngati pepala ndi kompyuta zikufanana koma masamu akukana, siyani nambala momwe ilili ndipo lembani pambali kuti buku lenilenilo silikugwirizana.

Njirayi siiona dzina la msika lolembedwa molakwika, kapena mitu ya miyezi yosinthanitsidwa, ndipo sigwira ntchito pa mitengo kapena maavareji omwe sawonkhetsedwa. Zimenezi zimafuna munthu woyerekeza ndi pepala mzere ndi mzere. Koma paliponse pomwe tebulo lili ndi ziwonkhetso, zikopereni momwe zasindikizidwira, ndipo musagwiritse ntchito manambalawo kufikira kusiyana kulikonse kutafika pa 0 kapena chifukwa chake chitadziwika.