Buku Likuti Muli ndi Chuma, Koma M'thumba Muli Chiyani?

Pamaphunziro a kasungidwe ka mabuku a pafamu pamakhala funso limene ambiri amawerengera bwino, koma n'kulephera kutanthauzira yankho lake. Tiyeni tilione kudzera mwa mlimi wa nkhuku zanyama.

Mlimiyu ali ndi K3,000 m'manja. M'nkhokwe muli chakudya cha nkhuku cha K4,000, m'khola muli nkhuku za masabata atatu zimene mtengo wake ndi K12,000, ndipo amene anatenga nkhuku pangongole asanalipire K5,000. Zonsezi ndi chuma chimene chidzasanduka ndalama chaka chisanathe, ndipo pamodzi ndi K24,000. Khola ndi njinga sizilowa m'gululi, pakuti sizogulitsa. Ngongole zoyenera kubwezedwa m'chaka chomwechi zilipo ziwiri: K8,000 kwa wogulitsa chakudya ndi K4,000 ku banki ya m'mudzi. Zonse pamodzi ndi K12,000.

Tikachotsa ngongole pa chumacho, patsala K12,000. Umenewu ndiwo mpamba woyendetsera bizinesi tsiku ndi tsiku. Tikagawa K24,000 ndi K12,000, tipeza 2, kutanthauza kuti pa kwacha iliyonse ya ngongole pali makwacha awiri a chuma. Yankho likadachepera 1, ngongole zikadaposa chuma. Apa ndi pamene ambiri amalemba kuti bizinesi ili bwino, n'kuika cholembera pansi.

Koma tinene kuti K8,000 ija ikufunika Lachisanu likubwerali. Nkhuku za masabata atatu sizinafike pogulitsa, chifukwa zimakhwima pa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Chakudyanso n'chosagulitsika, popeza nkhukuzo zidya chiyani? N'chifukwa chake pali muyezo wachiwiri, umene umasiya katundu yense pambali. Patsala K8,000 yokha, ndipo tikaigawa ndi K12,000 tipeza 0.67, ndiye kuti mangwee 67 pa kwacha iliyonse ya ngongole. Ndipo ngati angongole aja achedwa kulipira, mlimi afika Lachisanu ndi K3,000 basi.

Taonaninso chodabwitsa ichi. Mlimi akapereka K3,000 yonse kwa wogulitsa chakudya, chuma chikhala K21,000 ndipo ngongole K9,000. Muyezo woyamba ukwera kufika pa 2.33, chonsecho m'thumba mulibe ngakhale ya makala otenthetsera khola kapena ya katemera. Nambala yakongola, koma mlimi wauma manja.

Choncho poyankha funso lotere, kapena potseka buku lanu kumapeto kwa mwezi, musaime pa nambala. Pambali pa ngongole iliyonse lembani tsiku lobwezera, ndipo pambali pa chuma chilichonse lembani tsiku limene chidzasanduke ndalama. Mlimi wathu akatero Lolemba, adzaona kuti akuperewera K5,000, ndipo adzakhala ndi masiku anayi oti atolere kwa angongole ake kapena apemphe wogulitsa chakudya kuti adikire kufikira nkhuku zitakhwima.